Momwe mungapezere k ndi E(X) pointegireta fankishoni ya densite ya mwayi

Funso limabwera motere: akupatsani f(x) yokhala ndi chilembo k kutsogolo, akuuzani malire a x, ndipo akufuna kuti mupeze k, kenako mupeze E(X), amene ndi avareji ya X. Ophunzira ambiri amene amalakwa funsoli kuintegireta amakudziwa bwinobwino. Malikisi amawatayira pa malire, pa kuiwala x wochulukitsa, kapena pa kulemba yankho limene girafu ikanawauza nthawi yomweyo kuti silingatheke. Ntchito yonse ndi maintegiro awiri okhala ndi malire ofanana, ndipo yankho la iliyonse mungathe kuliyesa nokha musanapereke pepala.

Titsatira chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. X ndi nthawi yodikira, yowerengedwa m'maminitsi, ndipo fankishoni yake ndi iyi:

```
f(x) = k(4x − x²)   pamene 0 ≤ x ≤ 3
f(x) = 0            kwina konse
```

## Zofunika kukhala nazo

- Pepala lokwanira kujambulapo girafu, pensulo ndi rula.
- Kakyuleta, koma yoyesera yankho pomaliza. Mkati mwa ntchito gwiritsani mafulakishoni.
- Lamulo lointegireta mapawa: ∫ xⁿ dx = xⁿ⁺¹/(n + 1), limene limagwira ntchito kwa n aliyense kupatula n = −1.
- Mfundo ziwiri zimene f(x) iyenera kukwaniritsa: isatsike pansi pa ziro pena paliponse, ndipo eriya yonse ya pansi pa mzere wake ikhale 1.
- Fomula ya E(X), imene ndi ∫ x f(x) dx pa malire onse a X.

## Sitepe 1: Lembani malire ndi kujambula girafu

Musanagwire chizindikiro cha ∫, lembani pambali kuti x akuyambira pati ndipo akulekezera pati. Pano akuyambira pa 0 n'kulekezera pa 3. Kunja kwa malirewa f(x) ndi ziro, choncho kulibe eriya yoti tiwerenge. N'chifukwa chake integiro imene m'mabuku amailemba kuti ikuchokera ku −∞ mpaka ku ∞ imafupika n'kukhala ya 0 mpaka 3 basi.

Tsopano jambulani. Simukufunika kudziwa k kuti muone maonekedwe a girafu, chifukwa k amangoitalikitsa kapena kuifupikitsa, sasintha pamene pali nsonga yake. Ikani manambala anayi mu 4x − x²: pa x = 0 mupeza 0, pa x = 1 mupeza 3, pa x = 2 mupeza 4, ndipo pa x = 3 mupezanso 3. Mzere ukunyamuka pa ziro, ukukwera mpaka pa nsonga pa x = 2, ukutsika pang'ono, kenako ukudulidwa pa x = 3 usanafike pansi.

Kagirafu kameneka kakuuzani kale zinthu ziwiri. Choyamba, 4x − x² sikutsika pansi pa ziro pakati pa 0 ndi 3, ndiye k ayenera kutuluka pozitivu. Chachiwiri, eriya yambiri yaunjikana kumanja, choncho E(X) ikhala pamwamba pa 1.5, amene ndi pakatikati pa malire, koma siingafike 3. Lembani zimenezi pakona ya pepala, muzifuna pa Sitepe 6.

Chenjezo: musasinthe malire chifukwa cha maonekedwe a fomula. Ena akaona kuti 4x − x² imabwerera pa ziro pa x = 4, dzanja limangolemba 4 pamwamba pa integiro. Funso lanena 3, ndipo malire amachokera m'funso.

## Sitepe 2: Fananitsani eriya yonse ndi 1

Munthu wodikirayo adikira nthawi ina yake pakati pa maminitsi 0 ndi 3, palibe kuchitira mwina. Chinthu chimene chichitike ndithu mwayi wake ndi 1, ndipo pa girafu ya densite mwayi ndi eriya. Choncho lembani mzere uwu wonse, pamodzi ndi "= 1" wakeyo:

```
∫₀³ k(4x − x²) dx = 1
```

Popeza k ndi nambala yosasintha, mutulutseni kunja kwa integiro kuti asakusokonezeni:

```
k ∫₀³ (4x − x²) dx = 1
```

Chenjezo: chimene chimaloledwa kutuluka kunja ndi k yekha. Chilichonse chokhala ndi x chimatsala mkati mpaka mutaintegireta.

## Sitepe 3: Integiretani, ikani malire, pezani k

Tengani chigawo chimodzichimodzi. Pa 4x, pawa ikwera kuchoka pa 1 kufika pa 2, ndipo tigawa ndi 2, kutipatsa 2x². Pa x², pawa ikwera kufika pa 3, tigawa ndi 3, kutipatsa x³/3. Chizindikiro chochotsera chikhalabe pamalo pake.

```
k [2x² − x³/3]₀³ = 1
k [(18 − 9) − (0 − 0)] = 1
9k = 1
k = 1/9
```

Onani kuti talemba (0 − 0) ngakhale tikudziwa kuti sikusintha kanthu. Ine ndimalimbikira kuti muzilemba chigawo chimenechi nthawi zonse. Mafunso ambiri oyambirira amakhala ndi malire apansi a ziro, ndipo munthu amazolowera kuika malire apamwamba okha. Tsiku limene malire apansi adzakhale 2, kapena fankishoni idzakhale ndi e⁻ˣ amene pa ziro amapereka 1, chizolowezi chimenecho chidzamugwetsa iye osazindikira n'komwe.

Tanthauzo la k tsopano likuoneka poyera. Popanda iye, eriya ya pansi pa 4x − x² ikanakhala 9, ndipo mwayi wa 9 kulibe. Ntchito ya k ndi kuchepetsa girafu yonse ka 9 kuti eriyayo ikwane 1 ndendende. Ndiye k nthawi zonse ndi 1 kugawa ndi eriya imene mwapeza, osati eriyayo. Mukalemba k = 9, eriya yonse ikhala 81.

Chenjezo: musasandutse 1/9 kukhala 0.11. Mukatero eriya yonse ikhala 0.99, ndipo kulakwika kumeneku kulowa m'chilichonse chimene muwerenge pambuyo pake. Musiyeni k ali fulakishoni.

## Sitepe 4: Chulukitsani f(x) ndi x musanaintegirete

Apa ndi pamene pafunika kudekha, chifukwa munthu womvetsa chimene x wowonjezerayu akuchita samuiwala.

Ganizirani mmene mumapezera avareji ya dayisi. Nambala iliyonse, kuyambira 1 mpaka 6, mumaichulukitsa ndi mwayi wake wa 1/6, n'kuphatikiza zonse, ndipo mumapeza 3.5. Nthawi yodikira ilibe manambala asanu ndi imodzi okha, ingathe kukhala 1.2 kapena 1.27 kapena china chilichonse pakati pake. Choncho timadula malo a 0 mpaka 3 m'tizidutswa tating'onoting'ono. Kachidutswa kali pa x, kotambalala dx, kali ndi mwayi wa f(x) dx. Timachulukitsa mwayi umenewu ndi x, monga tinachitira ndi dayisi, ndipo kuphatikiza tizidutswa tonseto ndiko kuintegireta. Apa ndi pamene ∫ x f(x) dx yachokera.

Lembani f(x) ili ndi k wake weniweni, malire omwe aja:

```
E(X) = ∫₀³ x · (1/9)(4x − x²) dx
     = (1/9) ∫₀³ (4x² − x³) dx
```

Taonani kuti x walowa m'bulaketi ndipo wakhudza zigawo zonse ziwiri: 4x wasanduka 4x², ndipo x² wasanduka x³. Mzere umenewu ulembeni paokha. Amene amafuna kuchulukitsa ndi kuintegireta pa mzere umodzi kawirikawiri amakweza pawa kamodzi m'malo mwa kawiri.

Chenjezo: simungaintegirete x payekha, n'kuintegireta f(x) payokha, kenako n'kuchulukitsa mayankho awiriwo. Mukayesa zimenezo pano, x akupatsani 4.5, f(x) ikupatsani 1, ndipo mulemba kuti avareji ya kudikira ndi maminitsi 4.5 pamene palibe amene amadikira kupitirira maminitsi 3.

## Sitepe 5: Malizani integiro yachiwiri

```
E(X) = (1/9) [4x³/3 − x⁴/4]₀³
     = (1/9) [(36 − 81/4) − (0 − 0)]
     = (1/9)(63/4)
     = 7/4
```

Manambala awa achokera apa: 3³ ndi 27, kuchulukitsa ndi 4 ndi 108, kugawa ndi 3 ndi 36. Ndipo 3⁴ ndi 81. Kuti tichotse 81/4 ku 36, timalemba 36 ngati 144/4, n'kutsala ndi 63/4. Popeza 63 amagawika ndi 9, zonse zikutera pa 7/4, amene ndi 1.75.

Yankho lilembeni ndi muyeso wake: E(X) ndi maminitsi 1.75, kutanthauza miniti imodzi ndi masekondi 45. Anthu ambirimbiri atadikira, n'kutenga avareji ya nthawi zawo zonse, ingayandikire nambala imeneyi.

## Sitepe 6: Yesani yankho

Bwererani ku zimene munalemba pakona ya pepala. k watuluka pozitivu. E(X) ili pakati pa 0 ndi 3, ndipo ili pamwamba pa 1.5 monga girafu inanenera. Mukanadula maonekedwe a girafuyi pa thabwa n'kuliika pa chala, pa x = 1.75 ndi pamene likanakhazikika osapendekera mbali iliyonse. Yang'anani chojambula chanu muone ngati malo amenewo akumveka.

Pali kuyesa kwina kumene ndimakukonda chifukwa sikudalira kuintegireta konse, choncho kumagwira zolakwa zimene mukanazibwereza mukanangowerenganso njira yomweyo. Dulani malo a 0 mpaka 3 m'zidutswa zitatu, chilichonse chotambalala 1, ndipo tengani pakatikati pa chilichonse: 0.5, 1.5 ndi 2.5. Mukaika manambalawa mu 4x − x² mupeza 1.75, 3.75 ndi 3.75. Kuphatikiza ndi 9.25, pafupi kwambiri ndi 9 uja, ndiye k = 1/9 akumveka. Tsopano chulukitsani iliyonse ndi x wake: mupeza 0.875, 5.625 ndi 9.375. Zonse pamodzi ndi 15.875, ndipo kugawa ndi 9 ndi pafupifupi 1.76. Sizifanana ndendende ndi 1.75 chifukwa zidutswa zitatu ndi zikuluzikulu, koma mukanakhala kuti mwalemba 2.6 kapena 0.9, kusiyanako kukanaonekera patali.

## Fankishoni ikakhala ya zigawo ziwiri

Mafunso ena amapereka mafomula awiri, iliyonse ndi malire ake. Masitepe ndi omwewo, koma integiro iliyonse imagawika pawiri. Nachi chitsanzo:

```
f(x) = kx    pamene 0 ≤ x ≤ 2
f(x) = 2k    pamene 2 < x ≤ 4
f(x) = 0     kwina konse
```

Chimene chimakwana 1 ndi eriya ya zigawo zonse ziwiri pamodzi. Musafananitse chigawo chilichonse ndi 1 pachokha, chifukwa mupeza ma k awiri osiyana pamene funso lili ndi k mmodzi.

```
k [x²/2]₀² + 2k [x]₂⁴ = 1
2k + 2k(4 − 2) = 1
6k = 1
k = 1/6
```

Girafu yake ndi thirayango yolumikizana ndi rekitango, choncho mungathe kutsimikiza popanda integiro. Thirayango ili ndi tsinde la 2 ndi msinkhu wa 2k, eriya yake ndi 2k. Rekitango ndi 2 kuchulukitsa 2k, eriya yake ndi 4k. Zonse ndi 6k.

Pa E(X), chigawo chilichonse chimalandira x wake:

```
E(X) = (1/6) ∫₀² x² dx + (1/3) ∫₂⁴ x dx
     = (1/6)(8/3) + (1/3)(8 − 2)
     = 4/9 + 2
     = 22/9
```

Yankho ndi pafupifupi 2.44. Apa malire apansi a chigawo chachiwiri ndi 2, ndipo (8 − 2) uja ndiye akusonyeza kuti tawaika. Woiwala kuchotsa 2 apeza 4/9 + 8/3, amene ndi pafupifupi 3.11. Nambala imeneyi ili mkati mwa 0 ndi 4, choncho kuyang'ana malire kokha sikungaigwire. Girafu ndi imene ingaigwire: rekitango payokha ili ndi pakati pake pa 3, ndipo thirayango ya kumanzere iyenera kukokera avareji pansi pa 3, osati kuikankhira pamwamba.

## Malire apamwamba akakhala ∞

∞ si nambala yoti muiike mu fomula. Ikani chilembo, tinene b, m'malo mwake, integiretani, kenako muone chimene chikuchitika b akamakulirakulira.

Tengani f(x) = k/x³ pamene x ≥ 1. Lembani 1/x³ ngati x⁻³. Pawa ikwera ndi 1 kufika pa −2 (osati −4, apa ambiri amaterereka), ndipo integiro yake ndi −1/(2x²). Kuyambira 1 mpaka b tipeza 1/2 − 1/(2b²). Pamene b akukula, chigawo chachiwiricho chikuzimirira, n'kutsala 1/2. Ndiye k/2 = 1, ndipo k = 2. Pa E(X), x kuchulukitsa 2/x³ ndi 2/x², integiro yake ndi −2/x, ndipo kuyambira 1 mpaka b tipeza 2 − 2/b, zimene zikutera pa 2. Choncho E(X) = 2.

Tsopano sinthani pawa pang'ono, f(x) ikhale k/x² pamene x ≥ 1. Eriya yake ndi 1 − 1/b, imene ikutera pa 1, ndiye k = 1 ndipo fankishoniyi ndi densite yovomerezeka bwinobwino. Koma mukaichulukitsa ndi x mupeza 1/x. Apa n ndi −1, lamulo la mapawa siligwira, ndipo integiro yake ndi ln x. Kuyambira 1 mpaka b ndi ln b, amene amangokulabe osalekeza, ngakhale pang'onopang'ono. Palibe pamene mwalakwitsa. X ameneyu alibe avareji yokhala ndi malire, ndipo yankho lolondola ndi kunena zimenezo, n'kusonyeza ln b ngati umboni. Kupezeka kwa k sikulonjeza kuti E(X) ipezekanso.

## Zolakwa zimene zimabwera kawirikawiri

Kuiwala x pa E(X). Chizindikiro chake n'chosabisika: yankho limatuluka 1 ndendende, chifukwa mwangobwereza integiro ya Sitepe 2. E(X) ikatuluka 1, yang'anani kaye ngati x munamuchulukitsa. Nthawi zina 1 amakhaladi yankho, koma muyenera kutsimikiza.

Kusiya k m'mbuyo. M'chitsanzo chathu mukanapeza 63/4, amene ndi 15.75, kutali kwambiri ndi malire a 0 mpaka 3. Zimachitika k akatulutsidwa kunja kwa integiro n'kuiwalika pa mzere wotsatira, choncho muzimulemba kumayambiriro kwa mzere uliwonse.

Kutenga nsonga ya girafu ngati E(X). Nsonga yathu ili pa x = 2, pamene mwayi wachindikala kwambiri, koma avareji ili pa 1.75 chifukwa mchira wa kumanzere ndi wautali ndipo ukuikokera kumeneko. Ziwirizi zimakumana pamene girafu ya nsonga imodzi ili yofanana mbali zonse ziwiri. Kudifarenshiyeta kumapeza nsonga, kuintegireta kumapeza E(X).

Kuchita mantha f(x) ikapitirira 1. Msinkhu wa girafu si mwayi, mwayi ndi eriya. Fankishoni ya f(x) = 2 pamene 0 ≤ x ≤ 0.5 ndi yolondola, chifukwa 2 kuchulukitsa 0.5 ndi 1. Chimodzimodzinso k angathe kuposa 1, monga tinaonera pa k/x³.

Kukhulupirira k chifukwa choti watuluka pozitivu. Cholakwa ichi ndi chobisika kuposa zinzake. Tiyerekeze kuti malire a chitsanzo chathu anali 0 mpaka 5. Integiro ya 4x − x² ikanapereka 50 − 125/3, amene ndi 25/3, ndipo k akanatuluka 3/25, wooneka bwinobwino. Koma ikani x = 5: 4x − x² ndi −5, ndipo f(5) ndi −0.6. Kuyambira x = 4 mpaka 5 girafu ili pansi pa ziro, ndipo integiro yangochotsa chigawo chimenecho ku chinzake mwakachetechete. Palibe k amene angakonze fankishoni imene ili pozitivu mbali ina n'kukhala negetivu mbali ina, chifukwa mukamutembenuza chizindikiro mbali inayo ndi imene itsike. Mukakumana ndi zotere, bwererani ku funso muone ngati malire kapena fomula mwazikopera molondola.

Kutaya chizindikiro chochotsera poika malire apansi. Izi zimachitika malirewo akakhala negetivu kapena fomula ikakhala ndi zigawo zingapo. Pa [2x² − x³/3] kuyambira 1 mpaka 3, chochotsedwa ndi bulaketi yonse ya (2 − 1/3), ndipo yankho ndi 9 − 5/3, amene ndi 22/3. Wochotsa bulaketi msanga amalemba 9 − 2 − 1/3 n'kupeza 20/3. Werengani za m'bulaketi iliyonse mpaka itsale nambala imodzi, kenako muchotse.